Liniyaraizabilite ndi siriyalaizabilite: malonjezo awiri amene amaoneka ngati limodzi

Funso: "Databesi yathu tinaiika pa mulingo wa SERIALIZABLE, umene tinauzidwa kuti ndi wapamwamba kuposa yonse. Koma munthu akasintha zinthu n'kulandira uthenga woti zatheka, nthawi zina akawerenganso kudzera pa seva ina amapeza zakale zomwe zija. Mnzanga akuti chimene tikusowa ndi liniyaraizabilite. Kodi zinthu ziwirizi si chimodzi? Ngati n'zosiyana, champhamvu n'chiti?"

Yankho: Mnzanuyo wanena zoona, ndipo n'kutheka ndithu kuti databesi yanu sinaphwanye lonjezo lililonse limene inakupatsani. Zinthu ziwirizi si masitepe a makwerero amodzi oti china chili pamwamba china pansi. Chilichonse chimayankha funso lakelake, moti pali makina amene ali ndi choyamba popanda chachiwiri, ndipo palinso ena amene ali ndi chachiwiri popanda choyamba.

Siriyalaizabilite imakamba za matiranzakishoni, kutanthauza magulu a mapempho owerenga ndi olemba amene amakhudza zinthu zingapo ndipo ayenera kutengedwa ngati ntchito imodzi. Lonjezo lake n'lakuti ngakhale matiranzakishoni ambiri atayenda nthawi imodzi, mapempho awo n'kumalowana, zotsatira zake zidzafanana ndi zimene zikanatuluka akanayenda imodzi pambuyo pa inzake mu ndondomeko inayake. Mawu ofunika kuwagwira bwino ndi akuti "inayake". Lonjezoli silinena kuti ndondomekoyo idzafanana ndi mmene zinthu zinachitikira pa wotchi. Databesi ili ndi ufulu wotenga tiranzakishoni imene yayamba panopa n'kuiika, m'ndondomeko yakeyo, patsogolo pa ina imene inatha kale, bola zotsatira zonse zigwirizane ndi ndondomeko imodzi.

Liniyaraizabilite, imene Maurice Herlihy ndi Jeannette Wing anailongosola mokwanira mu 1990, imakamba za pempho limodzi pa chinthu chimodzi, monga kuwerenga kapena kulemba nambala imodzi. Pempho lililonse lili ndi nthawi imene latumizidwa ndi nthawi imene yankho lake lafika, ndipo lonjezo n'lakuti pempholo lidzaoneka ngati lachitika pa kamphindi kamodzi kamene kali pakati pa nthawi ziwirizo. Kuchokera pamenepa pamatuluka lamulo limene inu mumaliyembekezera: ngati pempho loyamba layankhidwa lachiwiri lisanatumizidwe, lachiwirilo liyenera kuona zimene loyamba linachita. Pano wotchi ndiyo ikulamula, koma ulamuliro wake ukuthera pa chinthu chimodzicho, ndipo sukunena kanthu za mapempho awiri kapena atatu amene pulogalamu yanu ikuwaona ngati ntchito imodzi.

Tiyeni titsatire vuto lanu mwatsatanetsatane. Tinene kuti pali mzere wosonyeza ngati munthu wina ali ndi chilolezo chotsegula fayilo, ndipo 1 akutanthauza kuti ali nacho pomwe 0 akutanthauza kuti alibe. Pali seva yotsogolera imene imalandira zolemba zonse, ndi seva yotsatira imene imakopera zosinthazo koma panthawiyi yatsalira m'mbuyo ndi mamilisekondi 200. Pa milisekondi 0, tiranzakishoni T1 ikulemba 0 pa seva yotsogolera, ndipo pa milisekondi 20 ikulandira yankho loti zatheka. Pa milisekondi 50, tiranzakishoni T2 ikuyamba, ikuwerenga mzere womwewo pa seva yotsatira, ndipo ikupeza 1. Funso la siriyalaizabilite n'lakuti kodi pali ndondomeko imene ingafotokoze zotsatirazi, ndipo yankho n'lakuti ilipo: T2 kenako T1. T2 inawerenga 1 chifukwa m'ndondomekoyo inachitika T1 isanalembe 0. Palibe chotsutsana, choncho palibe lonjezo limene laphwanyidwa. Funso la liniyaraizabilite n'losiyana, chifukwa kulemba kunatha pa 20 ndipo kuwerenga kunayamba pa 50, kotero kamphindi ka kulembako kali penapake pakati pa 0 ndi 20, ka kuwerenga kali pambuyo pa 50, ndipo yankho lololedwa ndi 0 yekha. Mbiri yomweyo yapambana mayeso oyamba n'kulephera achiwiri.

Kuti muone kukula kwa ufulu umene siriyalaizabilite imapereka, ganizirani databesi imene tiranzakishoni iliyonse yongowerenga imaiyankha ndi deta ya dzulo pakati pa usiku, yonse yotengedwa pa nthawi imodzi pamene panalibe tiranzakishoni ina iliyonse imene inali m'kati. Palibe amene angaigwiritse ntchito mosangalala, komabe ikhoza kukhala yosaphwanya tanthauzo la siriyalaizabilite, chifukwa matiranzakishoni owerengawo angoikidwa onse pa malo a pakati pa usikuwo m'ndondomeko.

Liniyaraizabilite ili ndi mbali ina imene anthu ambiri saiona msanga. Mapempho awiri akamayenda nthawi imodzi, ndiye kuti lina latumizidwa linzake lisanayankhidwe, lililonse likhoza kuikidwa patsogolo. Ngati kulemba 0 kwatenga nthawi kuyambira pa milisekondi 0 mpaka 100, wowerenga amene wafunsa pa 30 akhoza kupeza 1 kapena 0, ndipo zonse n'zololedwa. Koma wowerengayo akangopeza 0 n'kulandira yankho pa 40, wina amene wafunsa pa 60 sangapezenso 1, ngakhale kuti kulembako sikunathe. Wowerenga woyambayo waonetsa kuti kamphindi ka kulembako kadutsa kale, ndipo sikangabwerere m'mbuyo. Makina ambiri amene amaoneka olongosoka amagwera pamenepa.

Tsopano titembenuze nkhaniyi, chifukwa ndi mbali imene mnzanu mwina sanaitchule, ndipo ndi imene ingakupwetekeni mukathamangira kusiya siriyalaizabilite. Tinene kuti fayilo ili ndi makope awiri, lina pa seva A lina pa seva B, ndipo lamulo lanu n'lakuti kope limodzi liyenera kutsala nthawi zonse. Mwasunga nambala ziwiri, a ndi b, m'nkhokwe imene pempho lililonse lili ndi liniyaraizabilite yeniyeni, ndipo zonse ziwiri zili pa 1. Mapulogalamu awiri oyeretsa malo akuyamba pafupifupi nthawi imodzi. Woyamba akuwerenga a ndi b pa milisekondi 10, akupeza makope awiri, ndipo akuona kuti n'zotheka kufufuta la pa A. Wachiwiri akuwerenga a ndi b pa milisekondi 12, nayenso akupeza makope awiri, ndipo akusankha kufufuta la pa B. Pa 20 woyamba akulemba 0 pa a, pa 22 wachiwiri akulemba 0 pa b, ndipo fayilo yatayika. Mukayang'ana pempho lililonse palokha mupeza kuti palibe limene linanama, chifukwa kuwerenga konse kunabweza nambala yatsopano kwambiri ya panthawiyo ndipo kulemba konse kunaoneka nthawi yomweyo. Koma palibe ndondomeko ya imodzi pambuyo pa inzake imene ingatulutse zotsatirazi, popeza amene akanabwera wachiwiri akanapeza kope limodzi lokha n'kuleka kufufuta. Apa liniyaraizabilite ilipo yonse, siriyalaizabilite palibe.

Pempho losintha nambala pokhapokha ngati ikadali mmene munaiwerengera silithandiza pamenepa, chifukwa pulogalamu iliyonse ikusintha nambala yakeyake, imene inzakeyo sinaikhudze. Zikanathandiza mukanasunga a ndi b pamodzi ngati chinthu chimodzi, pakuti pamenepo wachiwiri akanapeza kuti chinthucho chasintha n'kukanidwa. Izi zikusonyeza kuti phindu la liniyaraizabilite limadalira pamene mwaika malire a chinthu chimodzi, ndipo lamulo lililonse limene ladutsa malirewo limafuna tiranzakishoni.

Mu databesi ya matebulo, ntchito ya pulogalamu yoyamba ija ingalembedwe motere, ndipo yachiwiri ingofufuta mzere wa 'B':

```sql
BEGIN ISOLATION LEVEL SERIALIZABLE;
SELECT count(*) FROM makope WHERE fayilo = 7;
DELETE FROM makope WHERE fayilo = 7 AND seva = 'A'
  AND (SELECT count(*) FROM makope WHERE fayilo = 7) > 1;
COMMIT;
```

Mu PostgreSQL, matiranzakishoni awiriwa akayenda nthawi imodzi pa mulingo wa REPEATABLE READ, onse amatheka ndipo mizere yonse iwiri imachoka, chifukwa iliyonse ikugwiritsa ntchito chithunzi cha deta chimene inatenga poyamba ndipo sizikulemba mzere umodzi. Pa mulingo wa SERIALIZABLE, kuyambira pa PostgreSQL 9.1 ya mu 2011, databesi imatsatira kuti iliyonse yawerenga mzere umene inzake ikufufuta, ndipo imodzi imakanidwa ndi nambala ya vuto 40001. Pulogalamu yanu iyenera kuyambanso tiranzakishoni yokanidwayo kuchokera poyambirira, kuphatikizapo kuwerenga, ndipo ulendo wachiwiriwo ipeza kope limodzi n'kusiya. Umenewu ndiwo mtengo wa siriyalaizabilite: kudikira maloko kapena kukanidwa n'kuyambanso.

Nanga chifukwa chiyani anthu odziwa ntchito yawo amasokoneza zinthu ziwirizi? Chifukwa chapafupi n'chakuti matanthauzo onse awiri amayamba mofanana, kuti zimene zachitika nthawi imodzi zioneke ngati zachitika motsatana. Kusiyana kuli pa zimene zikutsatanazo, matiranzakishoni kapena mapempho amodziamodzi, ndiponso ngati wotchi ili ndi mphamvu pa ndondomekoyo. Munthu amene anawerenga matanthauzowa mothamanga amakumbukira chiyambi chofananacho n'kuiwala mathero osiyanawo.

Koma ine ndimaona kuti chifukwa chachikulu ndi chizolowezi chimene makina akale anatipatsa. Kwa zaka zambiri siriyalaizabilite inkapezeka pa kompyuta imodzi kudzera m'maloko a magawo awiri, njira imene Jim Gray ndi anzake ku IBM anaifotokoza mu 1976. Mmene njirayi imagwiritsidwira ntchito kawirikawiri, tiranzakishoni imagwira loko pa chilichonse chimene yawerenga kapena kulemba ndipo simasula mpaka itatha. Ngati T1 yatha T2 isanayambe, T2 ikafika pa mzere imapeza zimene T1 inasiya, chifukwa kope la mzerewo ndi limodzi lokha ndipo palibe kwina kumene ingawerenge. Motero ndondomeko ya databesi inkagwirizana ndi wotchi mwaulere, popanda wina kuilonjeza, ndipo anthu anazolowera kuganiza kuti zimenezi zili m'kati mwa lonjezo la SERIALIZABLE. Pamene makope anachuluka n'kufalikira pa maseva osiyana, mphatso yaulereyo inachoka, lonjezo lolembedwa n'kutsala lokha. Zimene zakuchitikirani zikuchokera pamenepo.

Palinso nkhani ya kumene mfundozi zinachokera. Siriyalaizabilite inakula pakati pa anthu a madatabesi, pomwe liniyaraizabilite inakula pakati pa ofufuza za mapulogalamu oyenda nthawi imodzi ndi makina omwazikana pa netiweki. Magulu awiriwa amagwiritsa ntchito chilembo C pa zinthu zosiyana. Mu ACID, chidule cha malonjezo anayi a matiranzakishoni, C imakamba za kusunga malamulo a deta, ndipo siriyalaizabilite ili pansi pa I, imene imakamba za kulekanitsa matiranzakishoni oyenda nthawi imodzi. Mu CAP, mfundo yonena kuti netiweki ikaduka makina omwazikana ayenera kusankha pakati pa C ndi kuyankha pempho lililonse, imene Eric Brewer anaipereka mu 2000 ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch anaitsimikizira mu 2002, C ndi liniyaraizabilite. Choncho munthu akamva kuti databesi inayake ili ndi ACID yonse sanamve chilichonse chokhudza C ya mu CAP.

Opanga mapulogalamu nawonso anawonjezera chifunga ndi mayina amene anasankha. Mu Oracle, mulingo wotchedwa SERIALIZABLE umagwira ntchito popatsa tiranzakishoni chithunzi chake cha deta n'kuikana pokhapokha ikafuna kusintha mzere umene wina wasintha kale, moti chitsanzo cha makope awiri chija chikhoza kudutsa. Mu etcd, nkhokwe ya deta imene imasunga makope pa maseva angapo, kuwerenga kumakhala ndi liniyaraizabilite ngati simunasankhe china, koma mukalemba `--consistency=s` mumapeza kuwerenga kumene iwo amakutcha `serializable`, kumene seva iliyonse imayankha kuchokera pa zimene ili nazo ngakhale zitakhala zakale. Dzinalo silonama mukakumbukira nkhani ya T1 ndi T2, koma munthu amene anaphunzira ku madatabesi kuti SERIALIZABLE ndi mulingo wapamwamba amadabwa kupeza dzina lomwelo pa njira yofooka mwa ziwirizo.

Malonjezo awiriwa akaphatikizidwa amatchedwa siriyalaizabilite yokhwima: matiranzakishoni amaoneka ngati ayenda motsatana, ndipo ndondomekoyo imalemekeza wotchi, kotero kuti imene yatha inzake isanayambe imakhala patsogolo. Herlihy ndi Wing eniake ananena kuti liniyaraizabilite ingaonedwe ngati siriyalaizabilite yokhwima pamene tiranzakishoni iliyonse ili ndi pempho limodzi pa chinthu chimodzi. Spanner, databesi ya Google imene inafotokozedwa poyera mu 2012, imapereka lonjezo lophatikizali pa maseva otalikirana, ndipo njira yake ikuonetsa mtengo wake bwino. Mawotchi ake samapereka nthawi imodzi koma kadanga kamene nthawi yeniyeni ili m'kati mwake, ndipo tiranzakishoni yolemba imadikira mpaka zitatsimikizika kuti nthawi imene yapatsidwa yadutsa, kenako n'kuuza mwini wake kuti zatheka. Kudikira kwa mamilisekondi ochepako ndiko kumagula mgwirizano wa ndondomeko ndi wotchi.

Pali kusiyana kwina kumene kumaonekera mukalumikiza makina awiri. Ngati chinthu chilichonse chili ndi liniyaraizabilite pachokha, dongosolo lonse limakhalanso nayo, chifukwa zinthu zonse zikutsatira wotchi imodzi. Siriyalaizabilite siili choncho. Mukakhala ndi madatabesi awiri, iliyonse pa SERIALIZABLE, ndipo ntchito ziwiri zikukhudza onse awiri, databesi yoyamba ikhoza kuika T1 patsogolo pa T2 pomwe yachiwiri yaika T2 patsogolo pa T1. Iliyonse ili ndi ndondomeko yolondola m'nyumba mwake, koma palibe ndondomeko imodzi yofotokoza zonse pamodzi.

Kuti mudziwe lonjezo limene likusowa, yang'anani maonekedwe a vutolo. Ngati dandaulo lili ndi mawu ngati "nditatha", "atandiuza kuti zatheka" kapena "zabwerera m'mbuyo", vuto ndi la wotchi, ndipo mufufuze kumene kuwerenga kukupita: seva yotsatira, malo osungirako mayankho akale kuti afulumire, kapena seva imene inali yotsogolera koma sinadziwe kuti ina yasankhidwa m'malo mwake. Ngati mzere uliwonse ukuoneka wabwino pawokha koma lamulo lokhudza mizere ingapo laphwanyika, vuto ndi la matiranzakishoni olowana. Poyesa choyamba, lembani nthawi yotumizira ndi yolandirira ya pempho lililonse kuchokera pa kompyuta imodzi, kuti wotchi ikhale imodzi, kenako funani kuwerenga kumene kwabweza zakale pambuyo pa kulemba kumene kunali kutayankhidwa. Poyesa chachiwiri nthawi sifunika, chifukwa chimene mukufuna ndi mkombero pa kudalirana kwa matiranzakishoni, monga T1 kuyenera kukhala patsogolo pa T2 pomwe T2 iyeneranso kukhala patsogolo pa T1. M'mayeso a Jepsen, amene Kyle Kingsbury anayambitsa pofuna kuona ngati madatabesi amasunga malonjezo awo, muli zida ziwiri zosiyana pa chifukwa chomwechi: Knossos yofufuza liniyaraizabilite ndi Elle yofufuza mikombero yotereyi.

Pa vuto lanu, yambani n'kutsimikiza kuti kuwerenga kwa pa seva inayo kukuyendadi pa mulingo umene mukuganiza. PostgreSQL, mwachitsanzo, silola n'komwe SERIALIZABLE pa seva yotsatira, moti kuwerenga kumeneko kumathera pa REPEATABLE READ. Kenako sankhani kuwerenga kumene kukufunikadi nambala yatsopano, monga chilolezo chimene changochotsedwa, ndipo kumeneko kutumizeni ku seva yotsogolera. Ngati chimene mukufuna n'chakuti munthu aone zimene iye mwini walemba, pali njira yotsika mtengo: mukatha kulemba, tengani malo amene chipika cha zosintha chafika ndi `pg_current_wal_lsn()`, ndipo musanawerenge pa seva yotsatira onani ngati `pg_last_wal_replay_lsn()` yafika pamenepo kapena kudutsa. Njirayi imateteza munthu mmodziyo basi, chifukwa wina amene wauzidwa za kusinthako pa foni alibe nambalayo ndipo akhoza kupezabe zakale.

Mukhozanso kuika `synchronous_commit = remote_apply`, kuti seva yotsogolera isanene kuti zatheka mpaka maseva otsatira amene mwawatchula mu `synchronous_standby_names` ataika zosinthazo pamalo oti ziwerengedwe. Zimenezi zimathetsa nkhani ya T1 ndi T2 pa maseva amene adikiridwawo, pamtengo woti kulemba kulikonse kumayenda pa liwiro la seva yochedwa mwa iwo. Komabe sizifika pa liniyaraizabilite yonse, chifukwa pa nthawi yodikirayo seva imodzi ikhoza kukhala italandira 0 pomwe ina ikadali pa 1, ndipo munthu amene wawerenga pa yoyamba kenako pa yachiwiri adzaona nambala yatsopano kenako yakale, chimene ndi cholakwika cha pa milisekondi 40 ndi 60 chija. Ngakhale kuwerenga pa seva yotsogolera kumakhala kotetezeka pokhapokha sevayo ikutsimikiza kuti ikadali yotsogolera, n'chifukwa chake makina monga etcd, amene amagwiritsa ntchito njira yogwirizanitsira maseva yotchedwa Raft, amayamba afunsa maseva opitirira theka asanayankhe kuwerenga kwa liniyaraizabilite, ndipo netiweki ikaduka, seva imene yatsala kumbali ya ochepa imakana kuyankha m'malo mopereka zakale.

Mulingo wa SERIALIZABLE musauchotse ngati muli ndi malamulo odutsa mizere ingapo, chifukwa kusintha kumene kuwerenga kukupita sikungateteze makope awiri aja. Muusiye pa seva yotsogolera, muonetsetse kuti pulogalamu yanu imayambanso tiranzakishoni ikalandira 40001, ndipo nkhani ya kuwerenga zakale muikonze payokha, pempho ndi pempho, molingana ndi kuchuluka kwa kuchedwa kumene mbali iliyonse ya pulogalamu yanu ingapirire.